Nkhunda za Pakhonde Pathu

Chaka chatha nkhunda ziwiri zinamanga chisa pamtanda wa khonde lathu, pamwamba penipeni pa mphasa zimene ana amakhalira pophunzira Qur'an. Mu mazihabu a Imamu Shafi'i zitosi ndi najisi, choncho tinkasesa m'mawa uliwonse. Apo mpamene tinkalakwa. Zitosi zikauma zimasanduka fumbi, ndipo fumbilo limatha kukhala ndi tizilombo timene timalowa m'mapapo n'kukafika kuubongo, makamaka mwa munthu wa chitetezo chofooka. Titadziwa, tinayamba kuwaza madzi kaye, kumanga nsalu pamphuno, kenako kupala ndi kukakwirira.

Anyamata anafuna kugwetsa chisacho. Tinawakumbutsa kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analamula maswahaba kubweza ana a mbalame amene anawatenga. M'chisamo munali mazira. Nkhunda imafungatira masiku 18, ndipo maunda amauluka patatha pafupifupi mwezi. Tinasuntha mphasa, tinakhoma thabwa pansi pa chisa, n'kudikira.

Atauluka, tinatsuka mtandawo ndi kutseka mpata ndi waya wa sefa. Mpunga woyanika tinausamutsira kutali ndi khonde, popeza ndiwo unkaziitana.