Kukhuthala si kulimba kwa matiresi

Matiresi a siponji amayesedwa ndi kulemera kwa siponjiyo pa kiyubiki mita imodzi, osati ndi kukhuthala kwake. Nambalayi ndi yosavuta kuipeza. Matiresi otalika masentimita 190, otambalala 137, okhuthala 15, amakwana pafupifupi kiyubiki mita 0.39. Akalemera makilogalamu 7, ndiye kuti nambala yake ndi 18. Akalemera 12, nambalayo imaposa 30. Pamaso onse awiri amaoneka ofanana, koma opepukawo amaphwa msanga, ndipo m'zaka zochepa amasiya dzenje pogonera chiuno. Olemerawo, akamatembenuzidwa, amatha kugwira ntchito zaka 7 kapena kuposerapo. Kuuma pokhapokha sikutsimikizira kanthu, chifukwa siponji yopepuka imathanso kukhala youma ikadali yatsopano.

Chizindikiro cha matiresi abwino ndi msana. Munthu akagona chammbali, phewa ndi chiuno zizilowa pang'ono, msana uli wowongoka.

Vuto la siponji ndi kutentha, makamaka ija yotsatira thupi pang'onopang'ono, ndipo ku Nsanje mu Okutobala si nkhani yaing'ono. Matiresi a masipiring'i amapitisa mpweya mkati, choncho amazizira bwino. Akatha amalira, ndipo waya amayamba kulasa. A ulusi wa makoko a kokonati, ofala ku India ndi ku Sri Lanka, ndi ouma komanso ozizira, koma amadana ndi chinyezi ndipo akaphwa sabwereranso.