Nyumba Ya Masiku Ano Imayamba Ndi Masamu

Ndili mwana kwathu ku Kabudula, sindinamvepo munthu akudandaula kuti zomangira nyumba zamuthera. Bambo ankaumba zidina kuseri kwa khola, udzu tinkamweta kudambo, ndipo amayi ankazira pansi ndi dothi lakuda. Dothi likachepa, tinkangotenga khasu n'kukakumba lina.

Lero zinthu zinasintha. Ku Nsaru, ku Namitete ngakhale ku Mpingu, munthu akagulitsa fodya kapena soya amafuna simenti, zitsulo ndi matailosi. Zonsezi n'zogula, zina mpaka mumzinda wa Lilongwe, ndipo zikapelewera umalipira galimoto kawiri. Pomwe ndinkamanga yanga, ndinangowonjezera 10 pa 100 iliyonse pa katundu yense. Simenti inatsala n'kuuma, koma zitsulo ndi mchenga zinathera panjira. Mmisiri wanga, bambo wachikulire, anandiuza kuti, "Achimwene, katundu aliyense ali ndi njira yake yotayikira. Muziyamba mwafunsa kuti ameneyu amathera pati."

Simenti imabwera yoyezayeza, makilogalamu 50 pa thumba, choncho yotayika ndi yochepa: yotsalira m'thumba, ya thumba long'ambika, ndi matope ogwa popaka pulasitala. Pa matumba 100 alionse, kuwonjezera atatu kapena asanu n'kokwanira. Kupitirira apo n'kudzipweteka, chifukwa mdani wa simenti ndi chinyezi. Yanga ndinaisanja pansi penipeni nyengo ya dzinja. Patatha miyezi inayi, munali zibuluma zosaphwanyika ndi zala, chizindikiro chakuti mphamvu yapita. Simenti imafuna kukhala pa matabwa, motalikira khoma, ndipo ndi bwino kuigula pang'onopang'ono.

Chitsulo sichiuma ngati simenti, chimathera podula. Ndinali ndi mizati isanu ndi umodzi, uliwonse wa zitsulo zinayi zotalika mamita 3.5. Ndinawerenga zidutswa 24, mamita 84, ndipo poti chitsulo chimodzi ndi mamita 12, ndinati zisanu ndi ziwiri zikwana. Koma chitsulo chimodzi chimangotulutsa zidutswa zitatu, n'kutsala mita imodzi ndi theka. Choncho zofunika zinali zisanu ndi zitatu. Nthawi zambiri amisiri amawonjezera 5 pa 100, koma nambalayi imagwira ntchito ngati mwayamba mwalemba kadulidwe kake, kuphatikizapo malo olumikiza, pomwe chitsulo cha Y12 chimapitirirana ndi chinzake pafupifupi theka la mita. Zotsala zija sitinataye, zinalowa m'malintala a pamwamba pa zitseko.

Matailosi amathera m'mphepete mwa khoma. Chipinda changa ndi mamita 3.5 mbali zonse, ndipo matailosi ndi a masentimita 40. Powerengera kukula kwa malo, amakwana 77. Koma poyala pamafunika mizere isanu ndi inayi ya matailosi asanu ndi anayi, onse pamodzi 81, chifukwa omalizira amadulidwa n'kusiya timizere topanda ntchito. Mukaganizira osweka pa msewu wafumbi ndi ochepa osunga, mufika pa 85, komwe ndi kuwonjezera 10 pa 100 pa 77 aja. Mukafuna kuyala mopingasa, kapena ngati makoma ndi okhota, ikani 15. Apa musaumire, chifukwa mukabwerera kusitolo patapita mwezi mukhoza kupeza mtundu womwewo koma maonekedwe ake atasiyana pang'ono, ndipo diso la mlendo limathamangira pomwepo.

Mchenga ndiwo umatayika kwambiri. Timagula pa ngolo, muyeso womwe umasiyana malinga ndi mwini ng'ombe. Mukausefa, miyala ndi mizu zimachoka. Wapansi pa mulu umasakanikirana ndi dothi, wina umakokoloka ndi mvula. Komanso mchenga wachinyezi umafufuma, moti ngolo yooneka yodzaza imatha kuphwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ukauma kapena ukasakanizidwa ndi madzi. N'chifukwa chake timawonjezera 10 mpaka 15 pa 100, ndipo wakudambo umafuna zoposa wa mumtsinje. Musanagule, thirani mchenga m'botolo la madzi, khutchumulani, n'kulisiya usiku wonse. Mukaona matope okhuthala atakhala pamwamba pa mchengawo, dziwani kuti udzadya simenti ndipo pulasitala adzang'aluka.

Makolo athu sankawerenga chifukwa dambo linkawapatsa ulere. Ife tikugula ndi thukuta la chaka chathunthu. Musanakwere galimoto yopita kukagula, khalani pansi ndi mmisiri wanu, tepi ndi pensulo zili m'manja, ndipo katundu aliyense mumupatse nambala yakeyake.