Kutupa kwa Agogo ndi Mlandu wa Mcere

Pamene nkhope ya agogo ena a ku Katete inayamba kutupa, akulu a pamudzi sanacedwe kuweruza: uwu ndi mdulo, ndipo mtengwa wathira mcere m'ndiwo ali wosayenera. Mtengwayo analetsedwa kuphika, ndipo ukwati wake unayamba kugwedezeka. Koma kutupa kunapitirirabe.

Kutupa kotere ndi madzi amene thupi lalephera kutulutsa. Munthu akakanikiza cala pamsongolo kwa kamphindi, pamatsala kadzenje monga padothi loumbira mbiya. Cimene banja liyenera kupenyetsetsa ndi malo ndi nthawi imene kutupako kumayamba.

Kwa agogowa kunali kuyamba m'mamawa. Anali kudzuka zikope zitatupa, maso atacepa. Dzuwa likakwera nkhope inali kuphwa, madzi natsikira kumapazi. Mkodzo wao unali wa thovu losatha msanga. Zizindikiro izi ziloza ku impso. Impso ndiyo sefa ya magazi, ndipo ikaonongeka imataya mumkodzo cakudya comanga thupi cimene cimagwira madzi m'mitsempha. Madziwo amatulukira m'minofu, makamaka pofewa monga m'zikope.

Mtima wofooka uli ndi macitidwe ena. Mapazi onse awiri amatupa kwambiri madzulo, ndipo wodwala amapuma befu ngakhale pa ulendo wa kucitsime. Akagona cagada mpweya umamuthera, kotero kuti ena amacezera usiku atatsamira cipupa. Ciwindi cimatupitsa mimba, maso nakhala acikasu. Kawirikawiri gwero lake ndi kacasu wa zaka zambiri kapena kacirombo ka m'ciwindi. Koma matenda awiri angakhale mwa munthu mmodzi, motero diso la pamudzi lokha silingathetse mlandu.

Patapita milungu 3 mdzukulu anawanyamula panjinga. Kucipatala anaviika kapepala mumkodzo, napima magazi, napeza kuti BP yokwera, imene inakhala zaka yosadziwika, inaononga impso. Anawapatsa mankhwala a BP ndi mapiritsi okodzetsa. Anawaletsanso mapiritsi a kuwawa kwa mawondo amene anali kugula pakantemba, pakuti ena a iwo, monga diclofenac ndi ibuprofen, amavulaza impso nasunga madzi m'thupi.

Pa za mcere, makolo sanaphonye kwenikweni. Mcere umakokadi madzi, koma colakwa ndi kuculuka kwake, osati dzanja louthira. Munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi ndi wa m'nsomba zouma. Nayo soda ya m'therere imacita cimodzimodzi.

Agogowo anacita mwai kuti mpweya unali usanayambe kuwathera. Wotupa akayamba kubanika, kapena mkodzo ukacepa kwambiri, kapena mwendo umodzi wokha ukatupa mwadzidzidzi ndi kuwawa, afunika kufika kucipatala tsiku lomwelo.