Kukhuta sikunenepetsa

Munthu wowonda salandira chifundo chomwe wonenepa amalandira akadandaula za thupi lake. Ukanena kuti ukufuna kuonjezera thupi, anzako amaseka n'kukuuza kuti mankhwala ake ndi osavuta: idya nsima yambiri. Ine ndamva malangizo amenewa kuyambira ndili kusekondale, kumene ankanditcha Bango, ndipo ena ankanong'onezana kuti mwina ndikudwala. Zimene ndaona pa thupi langa n'zakuti kukhuta ndi kudya mokwanira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wowonda amene akufuna minofu ayenera kudziwa kusiyana kwake.

Choyamba ndi kudziwa ngati ulidi wowonda mopitirira muyeso, pakuti ena ndi ochepa thupi mwachibadwa koma ali bwinobwino. Achipatala amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, atauchulukitsa ndi msinkhu womwewo. Pamene ndinkalowa kukoleji ndinkalemera makilogalamu 52, wamtali mamita 1.75. Kuchulukitsa 1.75 ndi 1.75 kumapereka 3.06, ndipo kugawa 52 ndi 3.06 kumapereka 17. Kwa munthu wamkulu, nambala yosafika 18.5 imasonyeza kuti thupi ndi loperewera. Kuti ndifike pamenepo ndinafunika kulemera makilogalamu 57. Choncho nkhani yanga yonse inali ya makilogalamu asanu basi, ndipo kudziwa zimenezi kunandikhazika mtima pansi.

Tsono n'chifukwa chiyani nsima payokha siithandiza? Nsima ndi chakudya chabwino chopatsa mphamvu, koma gawo lake lalikulu ndi madzi. Imadzaza m'mimba msanga, ndipo munthu wa chilakolako chochepa amagonja pa mtanda wachiwiri. Akatero amadzuka pa mbale atakhuta kwambiri, n'kumakhulupirira kuti wadya ngati wina aliyense. Komanso moyo wa wophunzira uli ndi mipata yambiri. M'mawa ndi tiyi ndi kabanzi, masana phunziro limadya nthawi ya nkhomaliro, ndiye chakudya chenicheni chimakhala chamadzulo chokha. Onjezanipo kuyenda pansi kuchokera kumene ukuchita lendi, ndipo muona kuti mphamvu yotuluka ikufanana ndi yolowa, mwinanso kuiposa. Thupi lotere lilibe chotsala choti limangire mnofu.

Akatswiri a kadyedwe amayeza mphamvu ya m'chakudya m'makalori, ndipo amalangiza wofuna kuonjezera thupi kuti azidya makalori 300 mpaka 500 patsiku pamwamba pa zomwe amadya kale. Funso langa linali lakuti ndiwapeza kuti makalori amenewa pamene m'mimba mulibe malo. Yankho linali zakudya zochepa m'maso koma zodzaza mphamvu, ndipo mfumu yake ndi mtedza. Magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori oposa 550, kuposa nsima yolemera chimodzimodzi kangapo konse. Ndinayamba kukazinga mtedza Lamlungu n'kumayenda nawo m'chikwama. Dzanja limodzi cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi lina cha m'ma 4 koloko madzulo, pamodzi ngati magalamu 60, zinkandipatsa makalori pafupifupi 340. Kapu ya mkaka pogona inkaonjezera ena 150. Mwanjira imeneyi ndinkayandikira 500 osakulitsa mtanda wa nsima ngakhale pang'ono. Masiku osowa mkaka ndinkathira nsinjiro m'phala, kapena kudya peyala lonse nyengo yake ikafika. Chenjezo pa mtedza ndi limodzi: wofota, wowawa kapena wachuku ngwotaya, chifukwa chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi.

Mphamvu yokha siimanga mnofu. Pamafunikanso zakudya zomanga thupi, zomwe ena amati mapulotini. Kwa munthu wonyamula zolemera, mlingo wabwino ndi magalamu 1.6 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa ine zinatanthauza magalamu 83. Ambiri akamva zimenezi amaganiza za nyama tsiku ndi tsiku, zomwe thumba la wophunzira silingakwanitse. Koma mtedza ndi mkaka uja zinkandipatsa kale magalamu 23. Mazira awiri ankaonjezera 12, kapu ya nyemba zophika 15, ndipo kapaketi kakang'ono ka nyama ya soya kapena mulu wa usipa kankabweretsa ena 20. Zotsalazo zinkachokera mu nsima ndi phala, pakuti chimanga nachonso chili ndi pang'ono. Chofunika ndi kugawa zakudyazi tsiku lonse, m'malo moziunjika pa mbale imodzi yamadzulo yomwe sungaimalize.

Chakudya chowonjezeracho chimafuna kuuzidwa kopita. Munthu akangodya osagwiritsa ntchito minofu, chambiri chimasanduka mafuta a pamimba. Ine ndinkachita masewera olimbitsa thupi katatu pa sabata: kunjuta nditabereka chikwama cha mabuku, mapushapu, ndi kudzikoka pa chitsulo cha golo mpaka chibwano chitapitirira. Mnofu umakula ukamapatsidwa ntchito yoposa ya sabata yatha, choncho ndikafika pochita kakhumi ndi kawiri mosavutika ndinkaonjezera mabuku m'chikwama. Tsiku lotsatira ndinkapuma, pakuti mnofu umamangika pa nthawi yopuma ndi yogona. Mpira wa tsiku ndi tsiku ndinauchepetsa, chifukwa kuthamanga kwambiri kunkadya mphamvu yomwe ndinkaisonkhanitsa movutikira.

Woweruza pa zonsezi ndi sikelo. Ndinkadziyeza kamodzi pa sabata, m'mawa ndisanadye, pa sikelo imodzimodzi. Mlingo woyenera ndi kuonjezera kota kapena theka la kilogalamu pa sabata. Ikapita milungu iwiri nambala isakusuntha, ndiye kuti chakudya chikadali chochepa, ngakhale m'mimba mutakhala mukunena zina. Zikatero ndinkaonjezera dzanja lina la mtedza. Koma ngati sikelo ikuthamanga, lamba akuthina, pamene mphamvu zonyamulira zili pomwepo, ndiye kuti akubwera ndi mafuta, ndipo m'pofunika kubweza dzanja. Ine makilogalamu asanu aja ananditengera miyezi isanu. Panthawi ya mayeso sikelo inaima, kenako inayambiranso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusadekha n'kumene kumatengera achinyamata ena kwa ogulitsa mapilitsi onenepetsa mumsika. Ena mwa mapilitsiwa amangoutsa njala ndi kugonetsa tulo. Ena, monga dekisametazoni, amatupitsa nkhope ndi mimba, kukweza shuga m'magazi, kufooketsa chitetezo cha thupi, ndiponso kuwondetsa minofu ya m'manja ndi m'miyendo imene munthuyo ankafuna kukulitsa. Sikelo imakwera ndithu, koma chimene chakwera ndi madzi ndi mafuta.

Palinso malire omwe mtedza sungawoloke. Kuwonda kwachibadwa n'kosiyana ndi kuwonda kumene kwangoyamba. Munthu amene thupi likutsika popanda chifukwa, akutsokomola kwa milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku, akutsekula m'mimba kosalekeza, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, apite kuchipatala asanayambe kuwerenga makalori. Chifuwa chachikulu, kachilombo koyambitsa Edzi, matenda a shuga, njoka za m'mimba ndi vuto la chithokomiro, zonsezi zimawondetsa, ndipo zonse zili ndi chithandizo chake. Kuyezetsa si kuvomereza miseche ya anthu ayi, koma ndi kudziwa chimene ukulimbana nacho.

Lero ndimalemera makilogalamu 59. Ndikadali wochepa thupi, ndipo mafupa omwe ndinatengera kwa agogo anga sadzasintha. Koma thumba la chimanga ndimalinyamula ndekha kuchoka pa ngolo kukafika m'nyumba. Kwa mnzanga wowonda amene watopa ndi kuuzidwa kuti adye nsima yambiri, ndikuti ayambe ndi kulemba zonse zomwe wadya kwa masiku atatu, aone pamene pali mipata, ndipo m'mipatamo aikemo mtedza.