Tizizindikiro ta Chiarabu Pansi pa Chithunzi

Ife amene timakonza zithunzi zophunzitsira timapemphedwa nthaŵi zina kutembenuzira m'Chiarabu mau olembedwa pansi pa chithunzi. Mau tikawapeza, funso limatsala ndi lakuti: kodi tiikepo tizizindikiro ta mavawelo aafupi, kapena tisiye zilembo zokha?

Chiarabu chimalemba makonsonanti ndi mavawelo aatali, koma aafupi chimawasonyeza ndi tizizindikiro titatu. Fataha ndi kamzere kapamwamba kotchulidwa a, kasira ndi kamzere kapansi kotchulidwa i, ndipo dama ndi kambedza kapamwamba kotchulidwa u. Palinso shada, yosonyeza kuti chilembo chitchulidwe moŵirikiza. M'Kurani ndi m'mabuku a ana oyamba kuŵerenga timateti timalembedwa mokwanira, pamene m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani za m'miseu sitiwoneka kaŵirikaŵiri, pakuti wamkulu amazindikira liu poona anzake oyandikana nalo.

Tsono tiyeni titenge chithunzi cha mayi ataima pakhomo pa kalasi, pansi pake palembedwa kuti "mphunzitsi". M'Chiarabu mphunzitsi wamkazi ndi mudarrisa, ndipo sukulu ndi madrasa. Mau aŵiriŵa ali ndi zilembo zisanu zofanana ndendende: mimu, dali, ra, sini ndi ta yotsekera. Pano palibe chiganizo chotithandiza, ndipo chithunzi nacho chatisiya pamphambano, popeza mayi alimo, nyumba ya sukulu ilimonso. Woŵerenga, angakhale wodziŵa, adzafulumira kunena kuti madrasa, chifukwa ndilo liu lozoloŵereka. Ngati chithunzicho ndi cha akuluakulu, dama pa mimu ndi shada pa ra zakwana; kuonjezera zina ndi kudetsa pepala chabe. Koma mayi uja akadakhala yekha, choko m'manja, chithunzi chikadagwira ntchito ya tizizindikiroto, ndipo tikadasiya zilembo zokha.

Kwa ana a chaka choyamba tilembe tonse, ngakhale chithunzi chikhale chomveka bwanji. Mwana sanasunge mau ambiri m'mutu, ndipo akaona liu lopanda mavawelo amangotchula dzina la chimene waona, osaŵerenga konse. Kumapeto kwa liu loima palokha ndiko sitiikako kanthu, chifukwa vawelo yomaliza yosonyeza ntchito ya liu m'chiganizo simatchulidwa munthu akapumira pomwepo.

Choŵaŵitsa mutu china ndi kuchepa kwa malo. Zilembo ba, ta ndi tha zimasiyana ndi timadontho tokha, ndipo chithunzi chikachepetsedwa kapena kuchulukitsidwa pa makina, kamzere kamafufutika ndi kusanduka kadontho. Tisanapachike, tiime kumbuyo kwa kalasi ndi kuyang'ana. Ngati fataha sitikuisiyanitsa ndi kadontho, tikulitse zilembo, kapena titulutse mauwo m'chithunzi ndi kuwalemba pansi pake pamene pali danga.