Mzere wodutsa pakati pa nyumba ndi munda wa agogo

Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, m'mbali mwa msewu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu. Nyumba ya agogo anga ili kummawa kwa msewuwo, koma munda wawo wa mbatatesi ndi manda a makolo awo zili kumadzulo. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti tikupita kumunda. Ndinazindikira nditakula kuti masiku onse aja, khasu lili paphewa, tinkatuluka m'Malawi n'kulowa mu Mozambiki, dzuwa likapendeka n'kubwerera.

Teremu yatha, mphunzitsi wathu wa mbiri yakale anatigawira mafotokope a mapu akale, nati aliyense asankhe malo amodzi amene amawadziwa ndi mapazi ake. Anatiletsa kuyamba ndi kufufuza mudzi wathu. Anati tiyambe tawafunsa mapuwo mafunso amene tingamufunse mboni pabwalo la milandu: anawajambula ndani, chaka chanji, ankajambulira yani, ndipo kodi wojambulayo anafikako kumaloko kapena anangomva.

Mafunso amenewa ndinawamvetsa nditaona mapu amene Apwitikizi anatulutsa cha m'ma 1886, odziwika ndi mtundu wake wa pinki. Anapaka mtundu umodzi kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambiki, kumeza mbali yaikulu ya dera limene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe, komanso kummwera kwa Malawi. Munthu wosadziwa angaganize kuti Apwitikizi ankalamulira konseko, pomwe m'madera ambiri munalibe msilikali wawo ngakhale mmodzi. Mapuwo amaonetsa zimene akuluakulu a ku Lisiboni ankalakalaka, ndipo pa nkhani imeneyo ndi mboni yabwino kwambiri. Angerezi anawakana, mu Januwale 1890 anaopseza Apwitikizi kuti achotse asilikali awo kuchigwa cha Shire ndi madera ena, ndipo mkanganowo unatha ndi pangano la pa 11 Juni 1891.

Panganolo ndilo linabala mzere wa pakhomo pathu. Limanena kuti kuchokera kumunsi kwa Shire, malire akwere kumadzulo mpaka pamtunda wogawa madzi, kenako atsatire mtundawo chakumpoto kufikira pa madigiri 14 kummwera kwa ikweta. Mtunda wogawa madzi ndi msana wa dziko pamene mvula imapatukana. Kwathu, dontho logwa kummawa limatsikira ku Livulezi n'kukathera m'nyanja, pomwe logwa kumadzulo limakalowa mu Revubwe n'kukafika ku Zambezi pafupi ndi Tete. Kwa anthu okhala patebulo ku Ulaya, njira imeneyi inali yosavuta: sanafunikire kudziwa mudzi uliwonse, anangosiya madzi kuti aweruze.

Koma pamsana pomwepo ndi pamene panali pokoma kukhala. Ndi pozizira, nthaka ndi yabwino, ng'ombe zimaswana. Angoni a Maseko anakhazikika kumeneko, kuzungulira phiri la Domwe, ndipo ulamuliro wa Chikuse ndi mwana wake Gomani unkafika mbali zonse ziwiri za mtundawo. Mzerewo unasiya Domwe kwa Apwitikizi, dera limene mpaka lero limatchedwa Angonia, pomwe likulu la Inkosi Gomani tsopano lili ku Lizulu, mbali ya Malawi. Pa fotokope yanga dzina la Angoni linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mzere wa malire unadutsa pakati pa zilembozo. Ndinakhala nthawi ndikuyang'ana pamenepo. Wojambulayo ankadziwa kuti pali anthu amodzi, analemba ndi dzanja lake, koma anadulabe. Sindinganene kuti anthuwo sanaoneke. Anaoneka, koma sanawerengedwe.

Kenako ndinachita cholakwa chimene ndikufuna anzanga achipewe. Ndinafuna kuona ngati munda wa agogo unagwa mbali yoyenera, ndiye ndinatenga rula. Pansi pa mapuwo panalembedwa sikelo ya 1:5,000,000, kutanthauza kuti milimita imodzi papepala ndi makilomita asanu pansi. Mzere wa malire unali wonenepa pafupifupi milimita imodzi. Ndiye kuti inki yokhayo inaphimba makilomita asanu: nyumba, msewu, msika, munda ndi manda, zonse zinali pansi pa mzerewo. Mapu otere sangaweruze za munda wa munthu, ndipo aliyense wobwera nawo pamlandu wa malo ayenera kufunsidwa sikelo yake kaye. Mphunzitsi anandionetsanso kuti ngakhale masamu angawo anali opotoka, chifukwa makina a fotokope anachepetsa pepalalo kuti likwane. Pepala likachepa, nambala ya sikelo imakhala yabodza. Chodalirika ndi kandodo koyezera kojambulidwa pamapu pomwepo, chifukwa kamachepa limodzi ndi china chilichonse. Nditayeza ndi kandodoko, inkiyo inaphimba dera loposa lija.

Palinso vuto lina limene pepala limabisa. Pamapu, mtunda wogawa madzi umaoneka ngati mpeni. Pansi, malo ena ndi athyathyathya, ndipo pali madambo amene ngakhale utaima pamenepo mvula ikugwa sungadziwe msanga kumene madzi akulowera. N'chifukwa chake pangano litasainidwa panafunikabe anthu oyenda pansi kukaika zipilala, ndipo maboma awiriwo anabwereranso pa nkhani ya malire mu 1954, pamene anasunthanso malire a kunyanja kuchoka m'mbali mwa gombe kupita pakati pa madzi. Choncho mapu a 1900 ndi a 1960 akhoza kusiyana popanda onama. Munthu ayang'ane chaka, ndipo asiyanitse chaka chimene malo anayezedwa ndi chaka chimene pepala linasindikizidwa, pakuti osindikiza ankakonda kukopera zakale.

Pa tchuthi ndinapita nayo fotokope ija kumudzi. Agogo anaiyang'ana mozondotsa, ine n'kuwatembenuzira.

"Nanga manda a amayi anga ali pati apa?" anafunsa.

"Sanawalembe, agogo."

"Nanga njira ya kuchigayo? Chitsime chija?"

"Palibenso."

"Ndiye walemba chiyani mzungu wakoyu?"

Anayamba kutchula okha midzi ya tsidya lija, ndi amene anakwatiwa kumeneko, ndi njira imene abale awo anadzera pothawa nkhondo ya ku Mozambiki m'zaka za m'ma 1980. Anandiuza kuti nthawi imeneyo mchemwali wawo anabwera ndi ana kudzakhala pakhomo pomwepa, ndipo kuti alandire ufa anayenera kulembetsa ngati wothawa kwawo, chonsecho amagona m'nyumba ya mbale wake wa bere limodzi. Apa ndiye pamene mzere uja unaluma. Zaka zambiri unali chete, koma pa tsiku la kaundula unagawa ana a mayi mmodzi kukhala nzika ndi mlendo.

Sindikunena kuti agogo salakwitsa. Zaka amazisokoneza, ndipo pofotokoza malire a munda amakokera kwawo, monga amachitira aliyense. Pa ntchito imene ndinapereka ndinaika mapepala awiri moyandikana: fotokope ija, ndi chojambula changa cha pensulo chochokera m'mawu awo. Pachiwiricho pali midzi isanu ndi iwiri, manda awiri, chigayo ndi chitsime. Msewu ndinaujambula chifukwa anautchula kawirikawiri. Malire sanawatchule, ndipo nditawakumbutsa anati ndiike ngati mphunzitsi akuwafuna.