Maola 9 pa Joni, ako ndi atatu chabe

Tikiti yotchipa imabwera ndi msonkho wake, ndipo msonkhowo ndi kudikira. Ukachoka pa Lusaka kuyenda ku Maputo, ku Windhoek olo ku Maseru, kambiri ndeke imayamba yakutula pa bwalo la O.R. Tambo ku Joni, ndipo ndeke yachiwiri ikhoza kukhala ya madzulo. Achinyamata ambiri amene ndimakamba nao amaona njira ziwiri chabe: kugona pa benchi tsiku lonse, kapena kutuluka n'kukazungulira tauni yonse monga alendo a ndalama. Ine ndinapeza kuti nkhani yagona pa masamu. Uyenera kudziwa kuti pa maola amene alembedwa pa tikiti, ako enieni ndi angati.

Ine kwathu ndi kwa Sandwe, kumpoto kwa Petauke, ndipo ndimathandizira pa wailesi ya kudera popanda malipiro. Ulendo umene ndikukamba unali wa ku maphunziro a nchito ya wailesi ku Maputo. Tikiti anagula ndi amene anatiitana. Ndeke yanga inali yotera pa Joni 09:30, ina yonyamuka 18:30. Kuphonya ndeke yachiwiriyo sikukanakhala kuchedwa chabe. Makampani ambiri a ndeke, ukapanda kuoneka pa chigawo chimodzi cha ulendo, amafafaniza zigawo zonse zotsala, ngakhale chobwerera kwanu. Munthu wodzipereka ngati ine sindikanapeza ndalama ya tikiti ina, ndipo manyazi kwa ondituma akanakula kuposa ndalamayo.

Funso loyamba limayankhidwa ukali kunyumba: kodi pasipoti yako ikuloleza kulowa m'dziko limene udikiremo? Kudikira mkati mwa bwalo la ndeke ndi kulowa m'dziko ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ukafuna kutuluka panja, upita kwa a imigireshoni, akudindire monga mlendo wina aliyense. Ife a pasipoti ya Zambia timalowa mu South Africa popanda viza pa ulendo waufupi, malinga pasipoti ili ndi masamba osadindidwa ndipo siili pafupi kutha. Ku Addis Ababa ndi ku Dubai sizili tero, kumeneko viza imafunika. Malamulo otere amasinthasintha, choncho funsa a kampani ya ndeke kapena a embase sabata imodzi usananyamuke, osadalira zimene mnzako anaona zaka zitatu zapitazo.

Funso lachiwiri limayankhidwa pa kauntala ya pa Kenneth Kaunda ku Lusaka. Akamamata pepala lalitali pa chola chako, liwerenge. Ngati palembedwa MPM, chola chikuyenda chokha mpaka ku Maputo ndipo pa Joni ulibe nacho nchito. Ngati palembedwa JNB chabe, ndiye kuti uyenera kuchitenga pa Joni n'kuchiperekanso, zimene zimachitika kambiri ngati matikiti awiriwo anagulidwa padera. Pamenepo nthawi yako yachepa kale, chifukwa udikira chola pa lamba, kenako ufune malo olipira ochisungirako. Changa chinali ndi MPM. Ndinapemphanso kuti andipatse ziphaso zokwerera ndeke zonse ziwiri pomwepo. Chiphaso chachiwiri chikakhala m'thumba, pobwera kuchoka mu tauni suimanso pa mzere wa kauntala.

Manje masamu aja. Amawerengedwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa ndeke yonyamuka, osati pa ndeke yotera. Ndeke ya 18:30 sikuti umafika 18:30. Anthu amayamba kukwera pafupifupi mphindi 40 nthawiyo isanakwane, ndipo chitseko amatseka ndeke ikali pansi. Usanafike pa chitsekopo pali mizere iwiri, wa osecha ndi wa imigireshoni, ndipo madzulo pa O.R. Tambo mizereyi imatalika chifukwa ndeke zikuluzikulu za ku Ulaya zimanyamuka usiku. Ndinadziikira lamulo lakuti 15:30 indipeze ndili mkati mwa bwalo, maola atatu athunthu ndeke isanauluke. Ulendo wobwerera kuchoka mu tauni ndinaupatsa ola limodzi, ndiye kuti 14:30 ndayamba kale kuyenda, kaya ndakhuta kaya sindinakhute.

Kutsogolo nakonso kumadya nthawi. Ndeke ikatera 09:30, pali kutsika, kuyenda mtunda m'makonde, ndi mzere wa pasipoti. Ndinaika ola ndi theka, kuti 11:00 ndikhale ndili mu sitima, ndipo 11:20 ndafika. Kuchoka 11:20 kufika 14:30 ndi maola atatu ndi mphindi 10. Pa maola 9 a pa tikiti, maola 5 ndi mphindi 50 anali a mizere, sitima ndi kudziteteza. Nambala imeneyi siisintha kwambiri. Ngati kudikira kwako ndi kwa maola 6, otsala ako ndi mphindi 10, choncho khala mkati, ugule tiyi. Ngati ndeke yoyamba yachedwa ndi ola, olalo limachotsedwa pa nthawi ya mu tauni, osati pa maola atatu a kumapeto aja.

Ife a ku Eastern tinazolowera pa Luangwa Bridge. Basi ikaima, timatsika kukagula nsomba zouma ndi madengu, ndipo nthawi ikakwana dalaivala amaliza hutala, kondakitala amawerenga mitu, anzako amakuwa kuti kukali munthu. Ndeke ilibe hutala. Dzina lako likhoza kuitanidwa mkati mwa bwalo iwe uli pa mtunda wa makilomita 20, ndipo palibe amene adzakuwa m'malo mwako. Chimodzi chabe chimene Joni imatikomera nacho mtima ndi chakuti nthawi yao ndi yathu ndi imodzi. Ku Nairobi ndi ku Addis ali patsogolo ndi ola limodzi, ku Dubai ndi maola awiri, ndipo nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya kumaloko.

Ndi maola atatu, malo ndi amodzi basi, ndipo akhale pa njanji. Sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, ili ndi siteshoni m'chinyumba cha bwalo la ndeke momwemo, pamwamba, ndipo imafika ku Sandton pafupifupi mphindi 15. Sutuluka ngakhale pa msewu. Potsika ndeke usatsate chikwangwani cha International Transfers, icho ndi cha otsala mkati. Tsata cha otuluka. Wa imigireshoni anandifunsa masiku amene ndikhale, ine ndinati ndi maola chabe, ndi kumuonetsa chiphaso cha ndeke ya madzulo. Anadinda osafunsanso zina.

Sitimayi siyotchipa. Kuchoka pa bwalo la ndeke ndi kupitirira 200 randi ulendo umodzi, ndiye uwerengere kawiri usanaganize zotuluka. Ukhoza kugula khadi lao pa siteshoni, kapena kugunda khadi la kubanki pa geti ngati lako ndi logunda ndipo banki yako inalitsegulira kunja kwa dziko. Khadi limene wagunda polowa ndi lomwelo ugunde potuluka. Mkati salola kudya, kumwa, olo kutafuna chingamu. Sitima siyenda usiku wonse, ndipo pa Chiwelu ndi pa Sondo imabwera patalipatali, choncho ukafika ku Sandton yang'ana nthawi za zobwerera usanakwere masitepe. Ine ndinasankha ya kubwerera imene, ngakhale nditaiphonya, yotsatira ikanandifikitsabe 15:30 isanakwane. Kudalira motoka ndi kwangozi masana akapendeka, chifukwa msewu umene m'mawa ndi wa theka la ola umatha kudya ola lonse anthu akayamba kuweruka.

Ku Sandton, kuchoka pa siteshoni ndi kuyenda pang'ono chabe kufika pa Nelson Mandela Square, pamene pali chifanizo cha Mandela chachitsulo, chotalika mamita 6, chimene anachiika mu 2004. Ndinajambulitsa, ndinazungulira m'masitolo a Sandton City, ndinakhala nthawi yaitali mu sitolo ya mabuku, ndinagula mabatire a chojambulira mawu changa. Pa malo odyera, mnyamata wobweretsa chakudya anandimva ndikuyankha foni, ndipo anati, "Achimwene, kwanu n'kuti?" Anali wa ku Malawi. Nditamuuza kuti ndine wa ku Petauke ndipo ndeke yanga ndi ya 18:30, anayang'ana koloko n'kunena kuti, "Ndiye musaitanitse nyama yootcha, imachedwa. Idyani ichi, mulipiriretu." Malangizo amenewo ndi abwino kulikonse: lipira chakudya chikangofika, kuti nthawi yonyamuka isakupeze ukudikira bilu.

Za chitetezo, zoopsa za pa Joni zodziwika bwino zimayambira pa bwalo la ndeke pomwepo. Nyuzi za kumeneko zakhala zikulemba za akuba amene amaona munthu akusintha ndalama zambiri, n'kumulonda pa motoka mpaka kumene akupita. Woyenda pa sitima ndi kachola kamodzi kakumsana sakopa maso. Sintha ndalama yochepa ya tsikulo chabe, ndipo amene akukuyandikira m'khonde kuti ali ndi takisi kapena akunyamulire chola, mukane mwaulemu uku ukuyenda. Pasipoti ndi chiphaso cha ndeke zikhale m'thumba la mkati la pathupi, osati m'chola chimene ungachiike pansi podya. Ukaitana motoka ya pa foni, nambala ya motoka ifanane ndi imene ili pa foni usanatsegule chitseko. Ndipo maganizo akuti poti nthawi ilipo ndikaoneko ku Park Station kapena ku Hillbrow, uwasungire tsiku limene uli ndi wachibale wokuperekeza.

Foni ndiyo koloko yako, mapu ako, ndi njira yodziwira ngati ndeke yasintha nthawi. Mapulagi a ku South Africa ndi a mano atatu ozungulira, athu a mano a makona salowa, choncho nyamula adaputa kapena batire lonyamula lodzaza. Ukali pa intaneti ya pa bwalo la ndeke, sunga mapu a Sandton mu foni, utumize uthenga kwa wina kunyumba kuti watuluka ndipo ubwerera nthawi yakuti. Ine ndinatcheranso alamu ya 14:20.

Chotsiriza chimene ambiri amaiwala ndi chakuti pobwerera amakusechanso monga munthu woyamba ulendo. Madzi, mafuta odzola kapena pafyumu yopitirira mamililita 100 imene wagula mu tauni idzatsala pa geti, chifukwa chola chachikulu chapita kale ku Maputo. Gula zouma ndi zazing'ono. Ukadutsa osecha ndi a imigireshoni, yang'ana nambala ya geti pa sikirini, osati pa chiphaso chimene anakupatsa ku Lusaka m'mawa, chifukwa mageti amasintha masana.